Makina ochapira akakana kutulutsa madzi

Makina aima ntchito ili pakati, zovala zamira m'madzi, chitseko chakana kutseguka. Musachikoke. Makina otsegulira kutsogolo anapangidwa kuti chitseko chikhale chokhoma madzi akadali m'kati, ndipo mukachikakamiza muthyola loko. Yambani mwatchera khutu. Ngati pampu ikulira pansipo koma madzi osatuluka, ndiye kuti pampuyo ndi yamoyo, kungoti china chake chatseka njira. Makina a LG amalemba OE, a Samsung 5C kapena 5E, a Bosch E18, ndipo onsewa akudandaula chinthu chimodzi.

Zulani pulagi kukhoma. Ngati mumachapira madzi otentha, dikirani azizire. Kenako yang'anani kachitseko kamene kali m'munsi kutsogolo, kawirikawiri kudzanja lamanja. Kuseri kwake kuli chotsekera chozungulira, ndiyo sefa ya pampu, ndipo makina ambiri amakhalanso ndi kapaipi kakang'ono pambali pake. Apa m'pamene anthu amanyowetsa nyumba yonse, chifukwa amafulumira kumasula sefa madzi onse akadali m'makina. Yalani thaulo, ikani mbale yosazama, kokani kapaipi kaja, chotsani kotsekera kake. Mbale ikadzaza, tsekani, katayeni, bwerezaninso mpaka madzi atatha. Ngati kapaipi kulibe, potokolani sefa pang'ono chabe chakumanzere, madzi azituluka mwapang'onopang'ono.

Madzi akatha, itulutseni sefayo. Mupezamo mabatani, tsitsi, ulusi, mwina kasokosi ka mwana. Tinene kuti mwapeza ndalama yachitsulo ya K10 itakutidwa ndi ulusi. Musakhutire msanga. Unikani ndi tochi m'dzenjemo, muona kachipupizo kapulasitiki, kamene kamakankha madzi. Kazungulitseni ndi chala. Kakamayenda modumphadumpha musadandaule, ndi maginito a mota amachititsa zimenezo. Kakakana kuyenda, pali chimene chakakola, nthawi zambiri kapini ka tsitsi. Tsukani sefa, ibwezereni, muimange zolimba ndithu, chifukwa ikakhala yokhwepa madzi adzayenderera pansi.

Sefa ikapezeka yoyera, pitani kumbuyo. Paipi yotulutsa madzi imapindika makina akakankhidwira kukhoma kwambiri, ndipo kungoiwongola kumathetsa vuto. Onaninso pamene yathera: opanga ambiri amafuna pakhale pakati pa masentimita 60 ndi 100 kuchokera pansi. Ikakwera kwambiri pampu imalephera kukankha, ikatsika kwambiri madzi amathawa okha makina akuchapa. Ngati yalumikizidwa pansi pa sinki, imasuleni, pakuti mafuta a ndiwo amaundana pamenepo. Lozetsani paipiyo mu ndowa, bwezerani pulagi, muyatse makina pa Spin kapena Drain. Madzi akatuluka mwamphamvu, vuto lili m'mapaipi a nyumba, makina alibe mlandu.

Zonsezi zikakhala bwino koma pampu ili chete, kapena ikununkha chopserera, lekerani pomwepo muitane mmisiri. Zamagetsi m'kati mwa makina onyowa si zoyeserera. Ndipo musanaponye buluku m'makina, pisani kaye m'matumba.