Bajeti ya kafukufuku imayambira pa kalendala ya mlimi

Chaka ndi chaka masukulu a ukachenjede m'dziko muno, monga LUANAR, MUBAS, MUST, KUHeS, Mzuni ndi UNIMA, komanso bungwe loona za sayansi la NCST, amalengeza timathumba ta ndalama tothandiza aphunzitsi ndi ophunzira kuchita kafukufuku. Ndalama zake sizikhala zochuluka, ndipo nthawi yake kawirikawiri imakhala chaka chimodzi. Wofuna thandizolo amalemba chikalata chofotokoza zomwe akufuna kufufuza, ndipo kumapeto kwake kumakhala masamba awiri omwe ambiri amawalemba usiku woti mawa ndi tsiku lotsekera: bajeti ndi ndondomeko ya nthawi. Chonsecho owunika ambiri amathamangira masamba omwewo, chifukwa ndi pamene pamaonekera ngati munthu akuidziwa ntchito yomwe akupemphera ndalama.

Cholakwika chofala ndi kuyambira pa ndalama. Munthu akamva kuti thumba likupereka K10 miliyoni, amayamba kuigawa: zoyendera mamiliyoni atatu, zipangizo awiri, zina ndi zina imodzi, mpaka ikwane ndendende. Bajeti yotere imadziwika msanga. Manambala ake onse amathera ndi maziro ambirimbiri, ndipo ukafunsa kuti mamiliyoni atatuwo ndi malita angati a mafuta, mwini wake amayamba kukanda m'mutu. Njira yabwino ndi yoyambira pa ntchito yeniyeniyo, kuiika pa kalendala, kenaka n'kufunsa kuti tsiku lililonse la ntchitoyo lidzadya zingati.

Tiyerekeze kuti mphunzitsi wina wa ku Lilongwe akufuna kudziwa kuchuluka kwa chimanga chomwe anankafumbwe amaononga m'matumba a alimi ku Dedza. Akufuna kuyendera mabanja 120 kawiri: koyamba chimanga chitangosungidwa, kachiwiri patapita miyezi inayi, kuti ayerekeze. Mitengo yonse yomwe titchule pano ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke; yeniyeni muikaitenge ku ofesi ya zachuma ya pasukulu panu ndi kwa ogulitsa.

Pa ntchito imeneyi pali tsiku limodzi lomwe silingasunthe, ndipo woliika si mphunzitsiyo kapena opereka ndalama. M'chigawo chapakati chimanga chimakololedwa cha mu Epulo ndi Meyi, n'kutongoledwa ndi kuthiridwa mankhwala m'miyezi yotsatira. Choncho ulendo woyamba uyenera kukhala mu Julayi, wachiwiri kumayambiriro kwa Novembala, mvula isanakhazikike n'kuononga misewu ya kumidzi, alimi asanatanganidwe ndi kubzala. Mukauphonya Julayi, simunachedwe ndi mwezi umodzi ayi. Mwataya chaka chathunthu, chifukwa chimanga chatsopano chidzalowanso m'matumba chaka chamawa.

Ndiye ndondomeko ya nthawi imalembedwa chobwerera m'mbuyo kuchokera pa Julayi ameneyu. Mu Juni muyenera kuphunzitsa okuthandizani kufunsa mafunso ndi kuyesera mafunsowo pa mudzi wina wapafupi. Mu Meyi muyenera kugula zipangizo ndi kukaonekera kwa bwanamkubwa, ku ofesi ya zaulimi ya m'bomalo, kwa alangizi ndi kwa mafumu. Kugulako si kungolowa m'sitolo: sukulu za boma zimatsata malamulo a kagulidwe ka katundu, ndipo nthawi zambiri zimafuna makotesheni atatu asanalembe chilolezo chogulira. Zimenezi zimatha masabata.

Patsogolo pa zonsezi pali chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu. Kafukufuku aliyense wofunsa anthu mafunso amayenera kudutsa kumeneko, kaya ndi komiti ya pasukulu monga COMREC kapena UNIMAREC, kaya ndi ya dziko lonse monga NHSRC ya zaumoyo. Makomiti amenewa sakumana tsiku lililonse, ndipo si zachilendo kuti akubwezereni chikalata kuti mukonze zina. Mupatseni miyezi iwiri, Malichi ndi Epulo. Apa ndiye pamatulukira mfundo yomwe iyenera kulembedwa poyera m'chikalatamo: kafukufukuyu ayenera kuyamba mu Malichi. Ngati opereka ndalama akuti zotsatira adzalengeza mu Juni, ndi bwino kusintha mutu kapena kupempha kuti mudzayambe chaka chotsatira kusiyana ndi kulonjeza zosatheka.

Ambiri amajambula ndondomekoyi pa tchati cha Gantt, chomwe ndi tebulo chabe: ntchito m'munsimunsi kumanzere, miyezi pamwamba, n'kudetsa mabokosi a miyezi yomwe ntchito iliyonse idzachitike. Fomu ikafuna kuti mulembe "mwezi 1, mwezi 2", lembani choncho, koma onjezerani dzina la mwezi weniweni pambali. Mwezi wachisanu ukakhala Julayi zili bwino. Ukagwera mu Januwale, galimoto idzatitimira m'matope ndipo alimi mudzawapeza ali kumunda.

Tsopano ndalama. Mzere uliwonse wa bajeti umafunika zinthu zitatu: kuchuluka kwa chinthu, kangati, ndi mtengo wa chimodzi. Pa kompyuta, mu Excel, ndi kungochulukitsa mabokosi atatu:

```
=B2*C2*D2
```

Tiyambe ndi mzere wodula kwambiri, wa masiku a kumudzi. Wofunsa mafunso mmodzi, ngati akuyezanso chimanga pa sikelo ndi kutapa pang'ono kuti akawerenge njere zofumbwa, akhoza kumaliza mabanja asanu pa tsiku. Anthu anayi ndiye kuti mabanja 20 pa tsiku, ndipo mabanja 120 atha m'masiku asanu ndi limodzi. Koma kumudzi kukagwa maliro simungayende ndi mapepala khomo ndi khomo, ndipo tsiku la msika anthu sapezeka pakhomo. Onjezerani tsiku limodzi lapadera pa ulendo uliwonse, akhale masiku asanu ndi awiri. Maulendo awiri ndi masiku 14. Oyenda ndi anthu asanu ndi mmodzi, chifukwa pali mphunzitsi mwini wake ndi dalaivala, amene amaiwalika m'mabajeti ambiri ngati kuti iye sadya kapena kugona. Alawansi ikakhala K60,000 pa munthu pa tsiku, 6 kuchulukitsa ndi 14 kuchulukitsa ndi K60,000 ikutipatsa K5,040,000. Theka la thumba lonse lapita pa mzere umodzi. N'chifukwa chake chiwerengero cha mabanja oti muwayendere chiyenera kuganiziridwa pamodzi ndi bajeti: kukweza mabanja kufika pa 240 kungafune ndalama zomwe kulibe.

Mafuta nawo amawerengedwa, salotedwa. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa boma la Dedza ndi makilomita osakwana 100, koma mtunda wambiri umathera m'midzi, kupita ndi kubwerera tsiku lililonse. Tinene kuti ulendo uliwonse ndi makilomita 1,000, yonse iwiri 2,000. Galimoto yoyenda makilomita asanu ndi atatu pa lita idzamwa malita 250, ndipo pa K5,000 lita ndi K1,250,000. Funsaninso ngati sukulu imalipiritsa galimoto yake pa kilomita, chifukwa zina zimatero.

Zotsalazo tingozidutsa mwachangu: maphunziro a masiku atatu K450,000, sikelo, timatumba ndi kachipangizo koyezera chinyontho cha chimanga K900,000, mayunitsi, intaneti ndi kusindikiza K300,000, chindapusa cha komiti ya chilolezo K300,000, ndi K500,000 ya msonkhano wokauza alimi ndi alangizi zomwe zapezeka. Pa za komitiyo funsani msanga, chifukwa makomiti ena, kuonjezera pa ndalama yolembetsera, amafunanso gawo la bajeti yonse. Tikaphatikiza zonse pamodzi ndi alawansi ndi mafuta zikukwana K8,740,000.

Munthu akhoza kusangalala kuti watsala ndi ndalama yoposa miliyoni, koma pali mizere iwiri yomwe sinalowe. Woyamba ndi wa zogwa mwadzidzidzi. Amene analemba bajeti mu Okotobala 2023 anadzuka mu Novembala ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti, patangopita chaka ndi theka chigwereni ndi 25 peresenti mu Meyi 2022. Mitengo ya mafuta ndi ya zipangizo zochokera kunja inakwera, koma thumba la kafukufuku silikula chifukwa kwacha yagwa. Ngati malamulo a thumbalo akulola, ikani 5 peresenti, yomwe apa ndi K437,000. Ngati salola, tengani makotesheni atsopano ndipo mukonze zogula zipangizo zonse koyambirira. Wachiwiri ndi gawo lomwe sukulu imadula pa ndalama za kafukufuku chifukwa cha magetsi, maofesi ndi ntchito ya akauntanti. Mathumba a sukulu yomweyo nthawi zina sadula, koma ndalama zikachokera kunja kwa sukulu yembekezerani kudulidwa. Tikati ndi 10 peresenti ya K9,177,000, ndiye K917,700, ndipo bajeti yonse yafika pa K10,094,700. Tapyola malire ndi K94,700.

Kupyola ndi kandalama kochepa chonchi n'kokwanira kuti chikalata chitayidwe chisanawerengedwe. Tidule pati? Dzanja limathamangira ku masiku apadera aja kapena ku msonkhano wa alimi, ndipo ine ndimaona kuti konseko n'kulakwitsa. Masiku apadera ndi amene amapulumutsa ntchito, ndipo alimi omwe anakutsegulirani matumba awo ayenera kumva zotsatira, makamaka mu Febuluwale pamene akuyandikira kukololanso. Pabwino kudula ndi pa zipangizo. Kachipangizo koyezera chinyontho kangathe kubwerekedwa ku dipatimenti, ndipo tikachotsa K400,000 yake, maperesenti awiri aja amatsika nawo, bajeti n'kukhala K9,632,700. Lembani m'chikalatamo kuti dipatimenti idzabwereketsa chipangizocho, ndipo ikanipo kalata ya mkulu wa dipatimenti. Owunika amakondwa kuona kuti sukulu nayo yaikapo kanthu.

Pali chinthu china chomwe chimamanga bajeti ndi kalendala pamodzi, chomwe ongoyamba kumene sachidziwa. Ndalama sizibwera zonse nthawi imodzi. Zimabwera m'magawo, ndipo gawo lachiwiri silituluka mpaka mutabweza malisiti a gawo loyamba: a mafuta, a malo ogona ngati akufunika, ndi mapepala omwe aliyense wolandira alawansi anasainira. Lisiti imodzi ikasowa, akauntanti amaimitsa zonse. Choncho Ogasiti alembedwe pa tchati ngati mwezi wobweza malisiti ndi kulemba lipoti loyamba, ndipo pempho la ndalama za ulendo wa Novembala lilowe mu Seputembala. Mugawenso bajetiyo moti gawo loyamba likwanire chilolezo, zipangizo, maphunziro ndi ulendo wonse wa Julayi. M'chitsanzo chathuchi zimenezi zikuposa theka la ndalama zogwirira ntchito, kotero ngati opereka ndalama amayamba ndi theka lokha, kambiranani nawo musanasaine.

Disembala ndi Januwale ndi yosanthula zomwe mwapeza, ndipo musaiwale kuti mphunzitsi amakhalanso ndi mayeso oti achonge. Febuluwale ndi wa msonkhano wa alimi ndi malipoti awiri omaliza, la ntchito ndi la ndalama.

Musanatumize, ikani masamba awiriwa pambalipambali. Ntchito iliyonse ya pa tchati ikhale ndi mzere wake mu bajeti, ndipo mzere uliwonse wa mu bajeti uloze ntchito ya pa tchati. Laputopu yomwe palibe ntchito ikuifuna ichotsedwe. Pansi pa bajeti lembani chiganizo chimodzi pa mzere uliwonse chonena komwe nambala yachokera. Mukatero pitani nayo kwa akauntanti wa ku ofesi ya kafukufuku kudakali sabata ziwiri, chifukwa alawansi yovomerezeka, msonkho woti udulidwe ndi gawo la sukulu amazidziwa ndi iyeyo, ndipo m'sukulu zambiri chikalata sichituluka popanda siginecha ya ofesi imeneyo.