Mmene Makina a Esipureso Amafinyira Khofi

Esipureso ndi khofi wapang'ono amene amapangidwa pokankha madzi otentha kuti adutse mu ufa wa khofi wotsendereka bwino m'kasefa kachitsulo. Nthawi zambiri magalamu 18 a ufa amatulutsa magalamu 36 a chakumwa m'masekondi 25 mpaka 30. Pulesha yofunika ndi pafupifupi mabaa 9, kutanthauza kuwirikiza kasanu ndi kanayi mphamvu imene mpweya wotizungulira umatipanikiza nayo.

Ku Milan, m'dziko la Italy, Achille Gaggia anatulukira makina a chogwirira cha m'ma 1947. Wopanga khofi ankakoka chogwiriracho kuti apanikize sipuling'i, ndipo sipuling'iyo pobwerera inkakankha madzi. Mu 1961 kampani ya Faema inatulutsa makina a E61, amene anapereka ntchitoyi kwa pampu yamagetsi. Komatu pampu payokha imangoyendetsa madzi. Pulesha imakwera chifukwa ufa uja ukukaniza madziwo kudutsa. Ufa ukakhala wamisere, madzi amathamanga, pulesha imatsika, khofi n'kutuluka wamadzimadzi ndi wowawasa. Ukasalala mopitirira, khofi amangodontha n'kuwawa. Pulesha ikapyola malire, vavu imatseguka n'kupatutsa madzi ena.

Pa kasefa ka mamilimita 58, mabaa 9 ali ngati katundu wa makilogalamu pafupifupi 240. Mphamvu yotere ikagwera ufa wouma mwadzidzidzi, madzi amafuna pofooka n'kuboola kanjira, monga mvula yamphamvu imakumbira ngalande pa nthaka youma. Ufa wa m'mbali mwa kanjirako umasukuluka mopitirira, wina wonse osakhudzidwa mokwanira. Zikatero khofi amatuluka mofulumira, amayezuka msanga, ndipo m'kapu imodzi mumamveka kuwawa ndi kuwawasa pamodzi.

N'chifukwa chake makina ambiri amayamba anyowetsa kaye ufawo. Kwa masekondi angapo madzi amalowa pang'onopang'ono, pa mabaa 2 mpaka 4. Ufa umafufuma, timing'alu timatsekeka, ndipo mpweya umene unatsekeredwa pokazinga khofi umatulukako. Pulesha yonse ikamadzafika, madzi amatsika mofanana paliponse. Komabe kunyowetsaku sikungakonze ufa umene wathiridwa mwamabumabuma kapena kutsenderedwa mopendama.

Kutentha nako kuyenera kukhazikika, pakati pa madigiri 90 ndi 96. Zowawasa za mu khofi zimasungunuka msanga, pamene zotsekemera ndi zowawa zimatuluka pambuyo, ndipo madzi akatentha kwambiri zimatuluka zochuluka. Madzi akazizira khofi ali mkati motsika, kuwawasa kumapambana. Akatenthetsa, kuwawa kumaphimba zonse. Pa E61, mutu wa makina ndi chitsulo cha bulasi cholemera pafupifupi makilogalamu 4, ndipo madzi otentha amazungulira m'kati mwake nthawi zonse kuti usazizire. Mutuwu umachedwa kutentha, choncho makina amayatsidwa mphindi 30 kapena kuposerapo khofi woyamba asanapangidwe, chogwirira cha kasefa chili chomangidwa pamalo pake kuti nacho chitenthe.