Makoswe m'nyumba ya lendi: kalata imene eni nyumba sangaiponye pambali

Wochita lendi akakumana ndi eni nyumba pageti n'kunena kuti m'nyumba mwadzaza makoswe, yankho lake limadziwika kale: "Mugule mankhwala," kapena "Muwete mphaka." Nkhani imathera pomwepo, chifukwa m'maganizo a ambiri khoswe ndi vuto la wokhala m'nyumbamo, vuto la uve. Nthawi zina n'zoona. Koma khoswe salowa m'nyumba mwamatsenga. Amadutsa pampata, ndipo mpata wa pakhoma, wa padenga kapena wa pansi pa chitseko uli pa nyumba ya mwini wake. Kalata yabwino yodandaula za makoswe iyenera kuonetsa mipatayo umodziumodzi, kuti nkhani ichoke pa ukhondo wa banja lanu ndi kufika pa ntchito ya mmisiri.

Ambiri amaopa kulemba. Amati khoswe akakhala pamkhate sapheka: ungadandaule kwambiri, mawa n'kukupatsa notisi kapena kukukwezera lendi. Mantha amenewa ndi omveka, makamaka m'makwalala a Ndirande, Kawale kapena Chibavi kumene anthu ambiri amalowa m'nyumba popanda pepala la mgwirizano. Komatu kalata yaulemu, yokhala ndi tsiku ndi umboni, imateteza kuposa kukhala chete. Tsiku lotuluka m'nyumbamo, eni ake akaona siling'i yoboka ndi chitseko chokukutidwa, amadula pa dipoziti. Amene analemba kalata miyezi isanu yapitayo amakhala ndi pogwira.

Musanagwire cholembera, yendani m'nyumba ndi tochi. Khoswe amene amavutitsa m'nyumba zambiri kwathu kuno ndi wakuda uja, wamchira wautali kuposa thupi lake, katswiri pokwera. Amakonda m'denga ndi m'siling'i, ndipo n'chifukwa chake phokoso limayamba mukangozimitsa magetsi. Zitosi zake zimatalika pafupifupi sentimita imodzi ndipo zimasongoka kunsonga. Zatsopano zimakhala zakuda, zonyezimira ndi zofewa. Zakale zimatuwa ndi kufumbutuka. Kusiyana kumeneku n'kofunika, chifukwa eni nyumba angathe kunena kuti zimenezo ndi za amene anatuluka chaka chatha. Sesani malowo madzulo, mutawaza kaye madzi a jiki kuti fumbi lake lisauluke, ndipo m'mawa mujambule zimene mwapeza.

Kenako funani njira zawo. Khoswe amayenda motsatira khoma, ndipo pamene amadutsa usiku uliwonse pamatsala mzere wakuda wa mafuta a ubweya wake: pa mtanda wa denga, m'mbali mwa paipi, pakona ya una. Mpata wa masentimita awiri, umene chala chachikulu chikhoza kulowa, ndi wokwanira kwa iye. Kuti mudziwe ngati una ukugwirabe ntchito, tsekanipo ndi nyuzipepala yofwinya, kapena wazani ufa pang'ono pansi. Pepala likakankhidwa kapena ufa ukaonetsa timapazi ndi mzere wa mchira, umboni mwaupeza. Jambulani chilichonse mutayika khobidi kapena bokosi la machesi pambali, kuti kukula kwake kuoneke.

Tiyerekeze banja lina ku Area 25 ku Lilongwe, m'nyumba ya zipinda zitatu yokhala ndi siling'i, pa puloti ya nyumba zinayi. Kalata yawo ingayende motere:

"Olemekezeka Bambo, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi banja lonse. Ndalemba kukudziwitsani za makoswe m'nyumba nambala 2, nkhani imene ndinakutchulirani pakamwa pa 3 Juni. Kuyambira pakati pa mwezi wa Meyi tikumva makoswe m'siling'i usiku uliwonse. M'khitchini timapeza zitosi zatsopano m'mawa uliwonse ngakhale tasesa madzulo. Aboola thumba la ufa, ndipo akukuta waya wa magetsi wopita ku babu la m'bafa mpaka mkuwa ukuoneka.

"Ndapeza malo anayi amene akulowera. Kumbuyo kwa nyumba, pakati pa khoma ndi malata, matope otsekera anagwa pa utali wa pafupifupi mita imodzi. Pamene paipi ya sinki imatulukira pali una wozungulira paipiyo. Chitseko cha kukhitchini chinadyeka kunsi, mpata wake zala ziwiri zikulowa. Njerwa ya mpweya ya m'chipinda cha ana ilibe sefa. Komanso nthambi za mango zikukhudza denga, ndipo dzala la puloti yonse ladzaza. Zithunzi ndatumiza pa WhatsApp.

"Kumbali yanga, ufa ndi chimanga ndaika m'zigubu zotseka, zinyalala tikutaya tsiku ndi tsiku, ndipo ndinatchera misampha itatu imene yagwira makoswe asanu m'milungu iwiri, koma phokoso silinachepe. Ndikupempha kuti mutumize wa zamagetsi aone wayayo sabata ino. Kuti muitane katswiri wothana ndi makoswe wokhala ndi chiphaso, agwire ntchito m'nyumba zonse zinayi. Ndi kuti mmisiri atseke malo ndatchulawa. Muli ana aang'ono m'nyumba muno, choncho ndipempha kuti pasaikidwe tameki kapena mankhwala apoyera. Chonde mundiyankhe pofika pa 17 Juni. Ndilipo Loweruka lililonse kuti ndiwatsegulire amisiri. Ine wanu, wokhala m'nyumba nambala 2."

M'kalatayi mulibe mawu akuti "tatopa" kapena "mukudya ndalama zathu," ngakhale wolembayo watopadi. Chilichonse chimene wanena, eni nyumba angathe kubwera n'kuchigwira ndi dzanja. Ndime yonena zimene wachita yekha imatseka pakamwa pa amene akanayankha kuti vuto ndi uve, ndipo iyenera kukhala yoona: ngati matumba a chimanga chokolola ali pansi m'chipinda chochezera, kalata siipita patali. Waya wa magetsi waikidwa poyamba dala. Mano akutsogolo a khoswe amakula moyo wake wonse, choncho amakukuta chilichonse, ndipo waya wosendeka m'siling'i momwe muli zisa za mapepala ndi nsanza ukhoza kuyambitsa moto. Mwini nyumba amene samva za ufa wanu amamva za nyumba yake kupsa.

Tsiku loyankhira liyenera kukhalapo, ndipo milungu iwiri siyochepa. Khoswe wamkazi amakhala ndi bere milungu itatu yokha, amaswa ana asanu mpaka asanu ndi atatu, ndipo anawo amayamba kuswa akafika miyezi itatu. Kalata yodikira yankho miyezi iwiri imapeza vutolo litasintha kale msinkhu.

Funso limene eni nyumba amafunsa ndi lakuti, katswiri wa chiyani pamene mankhwala ali pamsika? Mankhwala ambiri a pamsika ndi timapaketi ta tameki, timchenga takuda tija timene anthu amasakaniza ndi usipa kapena nsima. Tameki ndi poizoni wamphamvu kwambiri amene anapangidwira kumunda, ndipo amapha msanga galu, nkhuku, mphaka, ngakhale mwana wokwawa amene watola nyamboyo. Pa makoswe ntchito yake ndi yochepa kuposa mmene imaonekera. Khoswe amakayikira chakudya chachilendo, amalawa pang'ono kaye, ndipo amene wadwala koma osafa sabwereranso pa nyambo imeneyo. Mumatola atatu m'mawa woyamba, otsalawo n'kumapitiriza kuswana m'denga.

Katswiri weniweni amayamba ndi kuyendera, kukwera m'siling'i, kuona njira ndi zisa. Akagwiritsa ntchito mankhwala, nthawi zambiri amakhala aja olepheretsa magazi kuundana, amene amapha patatha masiku atatu mpaka sabata, kotero khoswe sazindikira chimene chamudwalitsa. Amawaika m'timabokosi totseka timene mwana kapena galu sangatsegule. Amabweranso kudzaona nyambo, kutola akufa ndi kuwonjezera pamene padyedwa. Munthu wobwera kamodzi ndi pampu n'kupopera m'makona wathana ndi mphemvu, makoswe sanawakhudze. Ku Malawi bungwe la Pesticides Control Board ndi limene limapereka ziphaso kwa ogulitsa ndi ogwira ntchito ya mankhwala otere, choncho si mwano kupempha kuona chiphaso ndi dzina la mankhwala. Dzinalo mulilembe penapake: mwana akadya mwangozi, achipatala amafuna kudziwa chimene wadya, ndipo a mtundu wa magaziwa ali ndi mankhwala ake owathetsa mphamvu, vitamini K1.

Pali chinthu chimodzi chimene amisiri ndi eni nyumba amalakwitsa kawirikawiri, ndipo n'koyenera kuchinena pokambirana: ndondomeko ya ntchito. Mukatseka mauna onse tsiku loyamba makoswe ali m'kati, amaboola siling'i n'kutsikira m'zipinda, kapena amafera m'mwamba, fungo n'kukhala milungu, ntchentche zobiriwira zili ng'a pawindo. Mukapha osatseka, ena ochokera kudzala amalowa mwezi usanathe. Choncho kuyeretsa pabwalo ndi kudula nthambi kumayamba, misampha ndi nyambo zimatsatira, mauna aang'ono amatsekedwa, ndipo njira yaikulu imatsekedwa pomaliza, nyuzipepala ija ikakhala masiku angapo osakankhidwa. Zotsekera zikhale simenti, sefa yachitsulo ya timabowo tating'ono, ndi lata lokhomedwa kunsi kwa chitseko. Matope, thabwa lofewa, pulasitiki ndi nsanza khoswe amangodutsa. Pa puloti ya nyumba zinayi zolumikizana denga, kukonza imodzi n'kutaya ndalama, n'chifukwa chake kalata yosainidwa ndi mabanja onse imalemera kuposa ya munthu mmodzi.

Za matenda munene mwachidule ndi moona. Mkodzo ndi zitosi za makoswe zimaipitsa chakudya ndi madzi, ndipo utitiri wawo ndi umene umafalitsa mliri wa makoswe, womwe unabuka m'boma la Nsanje mu 2002. Izi sizitanthauza kuti khoswe wa m'siling'i mwanu ali ndi mliri, ndipo kalata yoopseza ndi zimene simungatsimikize imachepetsa mphamvu ya zimene mungatsimikize. Khoswe wakufa musamugwire ndi manja; valani jumbo, mumukwirire mozama.

Kalatayo ikhale ndi makope awiri. Imodzi mupereke pamanja, pa inayo eni nyumba kapena ejenti wawo asaine ndi kulemba tsiku. Akakana kusaina, ijambuleni n'kutumiza pa foni kuti tsiku lioneke. Tsiku loyankhira likadutsa kuli zii, lembani yachiwiri, yaifupi, yotchula yoyamba ija ndi zimene zaonjezereka. Pamenepo mungathe kunena kuti mupempha a zaumoyo a ku khonsolo ya mzinda kapena ya boma adzayendere malowo, popeza lamulo la Public Health Act limawapatsa mphamvu yoyendera nyumba ndi kulamula kuti chimene chikuika moyo wa anthu pachiswe chichotsedwe.

Chiyeso chachikulu chimakhala kusiya kulipira lendi, kapena kugula simenti n'kudula nokha pa lendi ya mwezi umenewo. Musatero popanda chilolezo cholembedwa, chifukwa nkhani imasanduka ya ngongole yanu, makoswe n'kuiwalika. Eni nyumba ambiri, makamaka amene ndalama ya lendi ndiyo chakudya chawo, amavomera mosavuta mukawapatsa njira iyi: mubweretse makotesheni awiri, iwo asankhe imodzi, alembe kuti mulipire ndi kudula pa lendi ya mwezi wakutiwakuti, ndipo malisiti a simenti, sefa ndi katswiri muwapatse kope pamodzi ndi lendi yotsalayo.