Kuwerenga zimene kompyuta imalemba za netiweki yake

Kompyuta iliyonse ikalumikizidwa ku Wayifayi imasunga tsamba lalifupi lofotokoza za kulumikizanako. Patsambali pamakhala mizere yoposa khumi, koma yofunika kwambiri ndi itatu: dzina la netiweki, mtundu wa chitetezo, ndi adiresi imene kompyutayo yapatsidwa. Mzere woyamba umanena kumene kompyuta yalowa, wachiwiri umanena ngati uthenga wake ukuyenda wobisika, ndipo wachitatu umanena ngati yalandiridwadi. Intaneti ikavuta, anthu ambiri amathamangira kuzimitsa ndi kuyatsanso makina, chonsecho gwero la vuto nthawi zambiri limakhala litalembedwa kale pamizere imeneyi.

Pa Windows 10 ndi Windows 11 tsambali limapezeka potsegula Settings, kenako Network & internet, kenako Wi-Fi, n'kudina pa dzina la netiweki imene yalumikizidwa. Mizereyo ili cha kumunsi kwa tsamba limene limatseguka.

Dzina la netiweki limalembedwa pamzere wa SSID. Amasankha dzinali ndi mwini rauta, kachipangizo kamene kamagawa Wayifayi m'nyumba kapena muofesi, ndipo silingapitirire zilembo 32. Mwiniyo akapanda kulisintha, limakhala lija lochokera ku fakitale, lolembedwa pakapepala komata kunsi kwa rauta kapena mkati mwa chivundikiro cha mayifayi. Palibe amene amalembetsa maina amenewa, choncho munthu aliyense angathe kutcha netiweki yake dzina la hotela kapena la sukulu imene ili pafupi. Dzina lokha si umboni wa mwini netiweki.

Komabe mzerewu ndi woyenera kuyambira kuuwerenga, chifukwa kompyuta imakumbukira netiweki zimene inalowapo kale ndipo imalumphira pa imene yapezeka popanda kufunsa. Laputopu ya muofesi ingathe kukana kutumiza kalata ku pulintala m'mawa wonse, kungoti yalumikizidwa ku foni ya mwini wake imene ili m'thumba, pamene pulintala ili pa netiweki ya ofesi. Intaneti imakhala ikuyenda bwinobwino, bandulo ya mufoni ikutha, ndipo palibe chimene chimaonetsa kuti pali cholakwika kupatula dzinalo.

Mzere wa Security type umanena njira imene uthenga ukubisidwira pakati pa kompyuta ndi rauta. Wayifayi ndi wailesi, mafunde ake amadutsa khoma ndipo aliyense amene ali pafupi angathe kuwakola. Mawu ofala kwambiri pamzerewu ndi WPA2-Personal. Njira imeneyi inayamba mu 2004 ndipo ndi yodalirika ngati pasiwedi ili yaitali. Imalola zilembo zoyambira 8 mpaka 63, ndipo onse a panetiwekiyo amagwiritsa ntchito pasiwedi imodzi. WPA3-Personal, ya mu 2018, ndi yolimba koposa chifukwa wakuba sangajambule mafunde n'kukayesa mapasiwedi mamiliyoni ali kwawo. WPA2-Enterprise imapezeka m'mayunivesite ndi m'makampani aakulu, kumene munthu aliyense amalowa ndi dzina lake ndi pasiwedi yakeyake.

Mawu awiri ndi ochenjeza. WEP ndi njira ya mu 1997 imene inathyoledwa kalekale, moti wodziwa amaitsegula m'mphindi zochepa. Rauta imene ikugwiritsabe ntchito WEP ndi yofunika kuisintha. Open amatanthauza kuti palibe kubisa kulikonse. Apa ndi pamene ambiri amanyengeka: m'mahotela ndi m'mabwalo a ndege, munthu akalumikiza amaona tsamba lomufunsa nambala ya chipinda kapena ya kuponi, ndiye amaganiza kuti netiwekiyo ndi yotetezedwa. Tsamba lotero limangosankha oloŵa, silibisa uthenga. Ngati mzerewu ukunena kuti Open, chimene chikuteteza munthuyo ndi masamba okhawo amene adiresi yake imayamba ndi https, ndipo ngakhale pamenepo wina wapafupi angathe kuona maina a masamba amene akutsegulidwa. Mtundu wa chitetezo umasankhidwa pa rauta, kompyuta imangotsatira.

Adiresi ndiyo imafuna kuifatsira. Ili pamzere wa IPv4 address, ndipo ndi manambala anayi olekanitsidwa ndi timadontho, iliyonse yoyambira 0 mpaka 255. Kompyuta sibadwa nayo. Ikangolumikizidwa imapempha, ndipo rauta imaibwereka adiresi imodzi kwa nthawi yoikika kudzera m'njira yotchedwa DHCP. Ichi n'chifukwa chake adiresi ya lero ingasiyane ndi ya dzulo popanda cholakwika chilichonse.

Njira yachangu yoonera adiresi ndi zotsagana nayo ndi kutsegula Command Prompt, polemba cmd pamalo ofufuzira, n'kulemba lamulo ili:

```
ipconfig
```

Pamatuluka magawo angapo. La Wayifayi lili ndi mutu wakuti Wireless LAN adapter Wi-Fi, ndipo pakompyuta imene yalandiridwa bwino limaoneka chonchi:

```
IPv4 Address. . . . . . : 192.168.1.23
Subnet Mask . . . . . . : 255.255.255.0
Default Gateway . . . . : 192.168.1.1
```

Monga nyumba ya ku Lilongwe imadziwika ndi nambala ya dera kenako ya poloti, adiresiyi ili ndi mbali ziwiri, ndipo mzere wa Subnet Mask ndi umene umaonetsa malire ake. Ukakhala 255.255.255.0, manambala atatu oyamba, 192.168.1, ndi a netiweki yonse, ndipo yomaliza, 23, ndi ya kompyuta iyi yokha. Makina onse a panetiweki yotere ayenera kufanana manambala atatuwo, n'kusiyana yomaliza, imene imakhala pakati pa 1 ndi 254. Default Gateway ndi adiresi ya rauta yeniyeniyo, ndipo uthenga uliwonse wopita kunja umadzera pamenepo. Pulintala ikakhala pa 192.168.1.50 koma laputopu n'kuonetsa 192.168.8.101, ndiye kuti awiriwa sali pamodzi, ngakhale atakhala patebulo limodzi.

Chiyambi cha adiresi chimaululanso amene waipereka. Zoyamba ndi 192.168, zoyamba ndi 10, ndiponso zoyambira 172.16 mpaka 172.31 zinapatulidwa kuti zizigwira ntchito mkati mwa nyumba ndi maofesi, ndipo nyumba zambirimbiri padziko lonse zikugwiritsa ntchito manambala omwewo nthawi imodzi. Mayifayi ambiri a Huawei amapereka zoyamba ndi 192.168.8, pamene iPhone yogawa intaneti imapereka zoyamba ndi 172.20.10. Adiresi zimenezi sizituluka kunja. Masamba a pa intaneti amaona ina, yochokera ku kampani yogulitsa intaneti. Mzere wina woyamba ndi fe80 ndi wa IPv6, ndipo kompyuta imadzipangira yokha nthawi zonse, choncho kupezeka kwake sikutsimikiza kanthu.

Phindu la kuwerenga manambalawa limaoneka bwino pa chitsanzo ichi. Ofesi ina yaing'ono ili ndi rauta m'chipinda cha abwana, ndipo m'khonde muli kachipangizo kachiwiri kofalitsa Wayifayi, kolumikizidwa ku rautayo ndi chingwe. Magetsi anazima, abwera, koma laputopu ya mlembi ikunena kuti No internet ngakhale mafunde ali odzaza. Dzina la netiweki ndi lolondola, chitetezo ndi WPA2-Personal monga mwa masiku onse. Lamulo lija likuonetsa izi:

```
Autoconfiguration IPv4 Address. . : 169.254.37.112
Subnet Mask . . . . . . . . . . . : 255.255.0.0
Default Gateway . . . . . . . . . :
```

Adiresi yoyamba ndi 169.254 siichokera ku rauta. Ndi imene Windows imadzipatsa yokha ikapempha adiresi koma osayankhidwa, ndipo mzere wopanda kanthu wa Default Gateway ukusonyeza kuti njira yotulukira palibe. Pasiwedi ilibe vuto, pakuti ikanakhala yolakwika laputopu sikanalumikizidwa n'komwe. Bandulo nayonso siikukhudzidwa, chifukwa rauta imagawa maadiresi ngakhale bandulo itatha. Chatsala ndi wopereka adiresi: kachipangizo ka m'khonde kayaka, koma rauta ya m'chipinda chokhoma sinayake, kapena chingwe cha pakati pawo chazuka. Chizindikiro chomwechi chimaonekanso rauta ikapanirira, kapena maadiresi amene inauzidwa kugawa akatha chifukwa mafoni achuluka.

Rauta ikayatsidwa, Windows imapemphanso yokha pakapita mphindi zingapo, koma malamulo awiri awa amafulumizitsa. Loyamba limabweza adiresi yakale, lachiwiri limapempha yatsopano:

```
ipconfig /release
ipconfig /renew
```

Adiresi ikabwerera kukhala 192.168.1.23 koma masamba osatsegukabe, kufufuza kumapitirira kuchokera pafupi kunka kutali, ndi lamulo limene limatumiza kauthenga n'kudikira yankho:

```
ping 192.168.1.1
ping 8.8.8.8
```

Lamulo loyamba likuitana rauta. Mizere yoyamba ndi Reply from, yosonyeza nthawi imene yankho latenga, ikutanthauza kuti mkati mwa ofesi zonse zili bwino. Lachiwiri likuitana makina a Google amene ali kunja. Rauta ikayankha koma kunja n'kubwera Request timed out, vuto lili kuseri kwa rauta: bandulo yatha, simukhadi siikugwira, kapena kampani ya intaneti ili ndi vuto, ndipo kugwiragwira laputopu sikungathandize. Onse awiri akayankha koma masamba n'kumakanabe, wokayikitsa ndi DNS, makina amene amasandutsa dzina la tsamba kukhala manambala. Adiresi yake ili patsamba lija la Settings, pamzere wa IPv4 DNS servers, ndipo m'nyumba zambiri imafanana ndi ya rauta.

Pali vuto linanso limene limabisala. Katswiri wina akhoza kulemba adiresi pamanja kuti kompyuta igwirizane ndi makina ena a pantchito, ndiye rautayo ikasinthidwa ndi ina yogawa manambala ena, kompyuta imakakamirabe yakale. Imalumikizidwa, koma siitulukira kulikonse. Zimadziwika ndi mzere wa IP assignment, umene umanena kuti Manual m'malo mwa Automatic (DHCP), ndipo batani la Edit lili pomwepo.

Mizere yotsalayo ndi yosavuta. Network band imaonetsa 2.4 GHz, imene imafika patali koma imadzadza msanga, kapena 5 GHz, yothamanga koma yofooka kuseri kwa makoma. Physical address ndi nambala ya kachipangizo ka Wayifayi ka mukompyutamo, ndipo woyang'anira netiweki amaifuna akamalembetsa makina ololedwa. Link speed ndi liwiro la pakati pa kompyuta ndi rauta basi. Ingathe kuonetsa 300 Mbps pamene intaneti yofika pa rautayo ndi ya 5 Mbps, ndipo masamba amatseguka pa liwiro laling'onolo.