Kudetsa nambala pa chithunzi cha pafoni si kuifufuta

Masiku ano munthu akalipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, wolandira ndalama amafuna umboni, ndipo umboniwo umakhala sikirinishoti, chithunzi cha zimene zikuoneka pa galasi la foni. Chithunzichi chimapita kwa eninyumba, kwa ogulitsa katundu, ndiponso kumagulu a WhatsApp a banki m'khonde kapena a zopereka za ukwati. Ambiri anazindikira kale kuti ayenera kubisa zina asanatumize. Vuto ndi lakuti njira zingapo zobisira zimangophimba m'maso, pamene zolembedwazo zikadali momwemo.

Mwachitsanzo, mayi walipira K20,000 kwa msungichuma wa gulu la anthu 60, ndipo akufuna kuika umboni pagulupo. Uthenga wotsimikizira malipiro kawirikawiri umaonetsa ndalama zimene zatumizidwa, dzina kapena nambala ya wolandira, nambala ya malipirowo komanso ndalama zimene zatsala mu akaunti. Gulu likufuna kudziwa zinthu ziwiri zokha: kuti ndalama zapita zingati komanso kuti zapita liti. Zotsala mu akaunti n'zosafunika kwa aliyense, kupatula wakuba. Munthu woimba foni n'kunena kuti ndi wa ku kampani, akatchula ndendende ndalama zimene zili mu akaunti, amakhulupirika msanga, ndipo pempho lake lakuti auzidwe nambala yachinsinsi silimvekanso lachilendo. Nambala ya malipiro nayo ndi bwino ipite kwa msungichuma yekha, chifukwa ndiyo imene wina angaigwiritse ntchito ponamizira kuti walipira ndi iyeyo.

Pali malo enanso amene ambiri saayang'ana: pamwamba penipeni pa chithunzi. Uthenga ukalowa panthawi yojambulayo, mzere wake woyamba umaonekera pamenepo, ndipo ungakhale uli ndi nambala ija imene banki imatumiza kuti igwire ntchito kamodzi kokha.

Mayiyo akatsegula chithunzicho kuti adetse, amapeza zolembera zingapo. Pa iPhone, mu Markup, muli cholembera china chokhuthala chimene ntchito yake ndi kuika utoto pa mawu ofunika kuti aoneke bwino, monga amachitira ophunzira m'mabuku. Cholembera choterechi chimapezekanso m'mafoni ambiri a Android. Chinapangidwa dala kuti chizionetsa zapansi. Munthu akasankha mtundu wakuda n'kudutsitsapo kawiri kapena katatu, malowo amaoneka akuda bii, koma kusiyana kwa zilembo ndi malo ozizungulira kumatsalabe pang'ono. Wolandira chithunzi akangowonjezera kuwala mu pulogalamu iliyonse yokonzera zithunzi, manambala aja amayamba kuoneka. Sipafunika ukatswiri uliwonse.

Njira ina yokondedwa ndi yosokoneza malowo kuti aoneke mbuu, kapena kuwasandutsa timabokosi ting'onoting'ono. Imaoneka yaudongo, koma pa zilembo ndi manambala ndi yosadalirika. Kabokosi kalikonse kamatenga mtundu wake kuchokera ku zimene zinali pansi pake, choncho nambala 1 ndi nambala 8 sizisiya timabokosi tofanana. Amene akudziwa kalembedwe ka zilembo za foniyo angathe kulemba nambala yongoyerekeza, kuisokoneza chimodzimodzi, n'kuona ngati ikufanana ndi ya pachithunzi. Manambala alipo khumi okha, kuyambira 0 mpaka 9, ndiye kompyuta sichedwa kuyesa onse pamalo alionse. Mu 2022 katswiri wa zachitetezo cha makompyuta wa ku kampani ya Bishop Fox ku America, Dan Petro, anatulutsa pulogalamu yotchedwa Unredacter posonyeza kuti mawu obisidwa ndi timabokosi angathe kuwerengedwanso mwa njira imeneyi.

Ngakhale utoto utakhala wabwino, kubisa theka la nambala n'kudzinamiza. Nambala ya foni ya m'manja kuno ili ndi manambala khumi, ndipo oyambirira, monga 099 kapena 088, amangonena kampani. Mayi uja akabisa atatu apakati okha, zotheka zimatsala 1,000 basi, ndipo dzina la mwini nambala likuoneka pambali pake. Akadzatumiza chithunzi china mwezi wamawa atabisa atatu akumapeto, amene anasunga zonse ziwiri amangoziphatikiza. N'chimodzimodzi ndi mawu achinsinsi: mzere wakuda wolekezera pamene mawuwo alekezera umaulula kutalika kwake, ndiye uyenera kupitirira mbali zonse.

Njira yodalirika imayamba ndi kudula. Zonse zimene zili m'mphepete, mzere wapamwamba uja komanso mauthenga akale amene ali pamwamba pa uthenga wofunikawo, zichoke ndithu m'malo mophimbidwa. Zimene zatsala pakati, monga ndalama zotsala ndi nambala ya wolandira, ziphimbidwe ndi bokosi lodzaza mtundu umodzi kapena ndi cholembera wamba chosaonekera pansi. Ngati pulogalamuyo ili ndi posinthira kukhuthala kwa utoto, pafike pa 100%. Bokosilo likwirire nambala yonse mpaka kunja kwake, chifukwa mitu ndi miyendo ya zilembo yotsalira m'mphepete imathandiza munthu kulota zimene zabisidwa.

Akamaliza, mayiyo atsegule chithunzi chokonzedwacho n'kuchijambulanso sikirinishoti, ndipo atumize chachiwirichi. Zingaoneke ngati kuchulutsa ntchito, koma pali chifukwa chake. M'mwezi wa Malichi 2023 ofufuza anaulula kuti pulogalamu ya Markup ya m'mafoni a Google Pixel, posunga chithunzi chodulidwa, inkasiya mbali ya chithunzi choyambirira mkati mwa fayilo, moti zimene zinadulidwa kapena kudetsedwa zinkatheka kubwezeretsedwa. Vuto lofanana nalo linapezekanso mu Snipping Tool ya Windows 11. Makampani onse awiri analikonza, koma zithunzi zimene zinali zitatumizidwa kale zinatsala momwemo. Chithunzi chojambulidwanso chimatenga zokhazo zimene zikuoneka pa galasi, ndipo pansi pa bokosi lakuda sipakhala kanthu.

Kujambulanso kumathandizanso pa sitetimenti ya ku banki yobwera ngati PDF. Bokosi lojambulidwa pa PDF nthawi zambiri limangokhala pamwamba ngati kapepala komata, ndipo wolandira angathe kulisuntha kapena kukopera mawu apansi pake. Komabe kujambulanso sikuchiza utoto woonekera pansi, chifukwa kumatenganso chithunzithunzi cha zilembo chija. N'chifukwa chake ndi bwino kuyesa kaye: kukweza kuwala kwa chithunzicho mpaka pamapeto mu pulogalamu yokonzera, kuchikulitsa ndi zala, n'kuona ngati pali chimene chikutuluka. Potumiza pafunikanso maso, popeza m'foni mumakhala tsopano zithunzi ziwiri kapena zitatu zofanana, ndipo n'kosavuta kusankha chosabisa chija.

Ngati chithunzi chosabisa chapita kale pagulu, “Delete for everyone” imachichotsa mumachezawo, koma siingafike kwa amene anachitumiza kwina kapena kuchijambula. Pagulu la anthu 60, ndi bwino kungotenga kuti wina ali nacho. Mawu achinsinsi kapena nambala yachinsinsi imene yaoneka isinthidwe nthawi yomweyo, pamodzi ndi maakaunti ena onse amene amatsegulidwa ndi mawu omwewo. Ngati ndi khadi la ku banki, makamaka pamene manambala atatu akumbuyo aoneka, mwini wake aimbire banki pa nambala yolembedwa pakhadipo kuti alitseke. Nambala ya foni ndiyo yovuta kusintha, choncho mwini wake ayembekezere mafoni a anthu odzitcha a ku kampani kapena onena kuti atumiza ndalama molakwitsa, ndipo asanayankhe chilichonse ayambe waona yekha ndalama zimene zili mu akaunti yake.