Nyemba 20 pa munthu: momwe opanga mapulogalamu amasankhira chopanga poyamba

Tiyerekeze bungwe la SACCO la pa boma linalake, lomwe latopa ndi mabuku ndi mapasibuku ndipo lapeza mnyamata wodziwa zamakompyuta kuti alipangire pulogalamu. Ndalama zomwe komiti yapatula zikukwana zinthu zitatu zokha, koma zomwe anthu akufuna ndi zisanu. Mamembala akufuna uthenga wa pa foni nthawi iliyonse akasunga ndalama, komanso kubweza ngongole kudzera pa foni osakwera minibasi. Olandira ndalama pa kauntala akufuna pulogalamu yogwira ntchito ngakhale netiweki itachoka. Oyang'anira ngongole akufuna mndandanda wa onse ochedwa kubweza. Akauntanti akufuna lipoti lopita ku Banki Yaikulu ya dziko lino, yomwe imayang'anira mabungwe oterewa. Palibe yemwe akupempha zopanda pake, ndipo ndi pomwe pali vuto.

Zinthu zisanuzi sizipezeka poitanitsa msonkhano umodzi n'kufunsa kuti "mukufuna chiyani?" Pamsonkhano wotere amayankhula ndi a manijala, ena onse n'kumangogwedeza mutu. Wodziwa ntchitoyi amakumana ndi gulu lililonse palokha, ndipo amafunsa za dzulo osati za mawa: "Amayi, tandionetsani momwe munalandirira ndalama dzulo. Munaima pati?" Mayi wa pa kauntala akhoza kuyamba ndi kunena kuti akufuna kompyuta yamphamvu. Mukakhala naye tsiku la malipiro, mzere utafika panja, mupeza kuti kompyuta ilibe mlandu: netiweki ikachoka iye amalemba pamanja, madzulo n'kuyambanso kulowetsa zonse. Chofunika chake chenicheni n'chimenecho. Chilichonse chopezeka motere chimalembedwa pa khadi lakelake, m'chiganizo chimodzi chonena munthu wake, chomwe akufuna ndi chifukwa chake. Makadiwo akhale a zinthu zofanana kukula. Mukalemba khadi lakuti "zonse za ngongole" pambali pa lakuti "uthenga wa pa foni", lalikululo lipambana chifukwa cha kukula kwakeko basi.

Asanayambe kuvota, pali kusefa. Njira yodziwika pa izi ndi MoSCoW, yomwe anayambitsa Dai Clegg mu 1994 akugwira ntchito ku kampani ya Oracle. Imagawa zofunika m'magulu anayi: zosalephereka, zoyenera kukhalapo, zabwino ngati mpata ulipo, ndi zosiyidwa ulendo uno. Matenda ake ndi akuti aliyense amakankhira khadi lake ku gulu loyamba. Mankhwala ake ndi funso limodzi louma: chinthuchi chikasowa pa tsiku lotsegulira, kodi tiimitsa zonse? Lipoti la ku Banki Yaikulu likasowa, bungwe laphwanya malamulo, choncho limalowa popanda voti. Zina zinayi zikasowa, ntchito iyendabe movutikira. Otsatira njirayi amalangizanso kuti zosalephereka zisadye zoposa magawo 60 pa 100 a ntchito yonse. Zikapitirira apo, dziwani kuti sefa yabooka.

Zatsala zinayi, malo ndi awiri. Apa ndipo pamabwera nyemba. M'mabuku a zopanga mapulogalamu, monga la Dean Leffingwell ndi Don Widrig, munthu aliyense amapatsidwa madola 100 ongoyerekeza kuti agule zomwe akufuna. Alangizi a zachitukuko akhala akuchita zofananazo m'midzi ndi nyemba kapena timiyala. Aliyense apatsidwe nyemba 20, agawe m'makapu anayi momwe akufunira. Ubwino wake ndi wakuti munthu sanena chabe chomwe chili patsogolo, amaonetsanso kuti chili patsogolo motani.

Tinene kuti kwabwera mamembala 10, a pa kauntala 3 ndi oyang'anira ngongole 2. Tikathira nyemba zonse pamodzi, kulipira pa foni kwapeza 97, uthenga wa pa foni 95, kugwira ntchito popanda netiweki 71, mndandanda wa ochedwa 37. Zikuoneka ngati nkhani yatha: zinthu ziwiri za pa foni zapambana. Koma taonani kumene nyembazo zachokera. Pa nyemba 95 za uthenga, 90 ndi za mamembala. A pa kauntala anathira 45 mwa nyemba zawo 60 m'kapu imodzi, ya netiweki, ndipo oyang'anira ngongole anathira 24 mwa 40 m'kapu ya mndandanda. Anthu asanuwa ndi amene adzakhale pa pulogalamuyo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, koma amizidwa chifukwa tsikulo mamembala anabwera ambiri.

Tsopano tiwerenge mwina, gulu lililonse likhale ndi mawu ofanana. Timagawa nyemba za gulu ndi chiwerengero cha anthu ake, kenako n'kuphatikiza magulu atatuwo. Kapu ya netiweki yapeza 2 kwa membala mmodzi, 15 kwa wa pa kauntala ndi 3 kwa woyang'anira ngongole, zonse 20. Mwa njira yomweyo kulipira pa foni kwapeza 15, mndandanda 14, uthenga 11. Nyemba ndi zomwezija, palibe yemwe wasintha maganizo, koma uthenga wa pa foni wachoka pa nambala yachiwiri n'kukakhala kumapeto.

Ndiye kuwerenga koona n'kuti? Masamu sayankha funso limeneli. Kuwerenga koyamba kukunena kuti munthu aliyense ndi wofanana ndi mnzake, kwachiwiri kukunena kuti ntchito iliyonse ndi yofanana ndi inzake. Ine ndingatsate kwachiwiri pa pulogalamu ngati iyi, chifukwa kauntala ikaima, membala yemwe anavotera uthenga uja ndi yemweyo adzaime pa mzere. Komabe mamembala ndi eni bungwe, ndipo komiti ikhoza kugamula kuti mawu awo awerengedwe kawiri. Chachikulu n'chakuti agwirizane zimenezi nyemba zisanagawidwe. Kusankha kawerengedwe mutaona kale zotsatira, anthu amakutcha kubera, ndipo salakwa.

Chomwe nyembazi zachita bwino ndi kuchepetsa mkangano. Kulipira pa foni kuli pa ziwiri zapamwamba m'njira zonse ziwiri, choncho kulowe popanda kutaya nthawi. Malo otsalawo ndi omwe akufunika kukambirana, ndipo apa mpomwe wopanga pulogalamu amaloledwa kutsegula pakamwa kuti anene mtengo. Mndandanda wa ochedwa ukhoza kukhala ntchito ya masiku ochepa, popeza masiku obwezera amakhala kale m'kompyuta. Kugwira ntchito popanda netiweki n'kovuta kwambiri, chifukwa pafunika njira yogwirizanitsira zomwe makompyuta osiyana alemba netiweki ikabwerera. Uthenga wa pa foni nawo uli ndi mtengo wosatha, poti uthenga uliwonse umalipiridwa. Nthawi zambiri chinthu chotchipa chomwe chinali pa nambala yachitatu chimapezeka kuti chalowa limodzi ndi zinazo. Ndipo kusiyana kwa 15 ndi 14 kusakunyengeni: woyang'anira ngongole mmodzi akanasuntha nyemba ziwiri kuchoka m'kapu ya kulipira pa foni kupita m'kapu ya mndandanda, ziwirizi zikanasinthana malo.

Pali zinthu ziwiri zoononga voti yotereyi zomwe zimaoneka ndi maso. Makapu akakhala poyera, wolowa pambuyo amayang'ana kapu yodzaza n'kutsatira, makamaka ngati woyamba kuthira anali abwana. Choncho makapu avundikiridwe, munthu alowe yekhayekha. China n'chakuti njirayi imayenda bwino ulendo woyamba wokha. Mukaibwereza, anthu amakhala ataphunzira: wa pa kauntala athira nyemba zonse 20 m'kapu yake, osati chifukwa zinazo sakuzifuna, koma pofuna kupambana. Mukaona gulu lonse lasiya makapu atatu opanda kanthu, ndiye kuti zafika pamenepo. Ena amaletsa kuthira zoposa theka m'kapu imodzi pofuna kupewa zimenezi.

Makadi omwe sanalowe satayidwa. Amalembedwa m'maminitsi a komiti pamodzi ndi nyemba zomwe anapeza, chifukwa chomwe asiyidwira, ndi mwezi womwe adzaonedwenso, ndipo kope lake limamatidwa pa bolodi kuti membala yemwe anavotera uthenga wa pa foni awerenge yekha.