Kachizindikiro ka QR nakonso kamanama

Pa mapaketi ambiri a mankhwala, mbewu ndi zodzola masiku ano pamakhala kabokosi ka timadontho takuda ndi toyera kotchedwa QR. Mukakalozetsa kamera ya foni, tsamba limatseguka n'kukuuzani kuti katunduyo ndi weniweni. Ambiri mtima umakhala m'malo pomwepo. Koma tsambalo walemba ndani?

Kachizindikiroka kanapangidwa ku Japan mu 1994 ndi kampani ya Denso Wave pofuna kulondoloza zipangizo za galimoto m'mafakitale. Ntchito yake ndi kusunga mawu basi, kawirikawiri adiresi ya pa intaneti. Sikanapangidwe kuti kazigwira akuba, ndipo aliyense angathe kupanga kake mwaulere pa mphindi imodzi.

Ku India boma linalamula kuti kuyambira pa 1 Ogasiti 2023, mitundu 300 ya mankhwala ogulidwa kwambiri izikhala ndi QR kapena bakhodi yosonyeza dzina la mankhwala, kampani yowapanga, nambala ya gulu lomwe anapangidwira limodzi, tsiku lopangidwa ndi tsiku lothera mphamvu. Lamulolo ndi labwino, koma taonani pomwe pali mpata. Wachinyengo akagula paketi imodzi yeniyeni n'kujambula QR yake, angathe kuisindikiza pa mapaketi abodza ochuluka mmene angafunire. Wogula akaisikana imamufikitsa kutsamba lenileni la kampani, ndipo zonse zolembedwa pamenepo ndi zoona. Kungoti zikunena za paketi ina, osati yomwe ili m'manja mwake.

N'chifukwa chake njira zolimba zimapatsa paketi iliyonse nambala yakeyake, yobisika pansi pa kamalo kokala ngati khadi la mayunitsi. Ku Kenya, mlimi akagula mbewu amakala kamaloko n'kutumiza nambalayo ku 1393, ndipo yankho limachokera ku bungwe la boma loona za mbewu la KEPHIS. Makina otere amakumbukira nambala yomwe inafunsidwa kale. Choncho mukapeza pokalapo pali pokalika kale, kapena yankho likati nambalayi inagwiritsidwapo ntchito pomwe inu mwangokala kumene, bwezani katunduyo. Malire ake alipo ndithu: amene wayamba kufunsa nambala yokopedwa angauzidwebe kuti zili bwino.

Chinyengo china n'chosavuta kuposa apa. Wakubayo amatsegula tsamba lake lofanana ndi la kampani, mitundu ndi chizindikiro chomwe, lomwe limavomera nambala iliyonse. Kenaka amasindikiza QR yolozera kumeneko, kapena kuimata pamwamba pa yeniyeni. Yendetsani chala pamenepo. Mukamva m'mphepete mwa kapepala komatidwa, kayikirani.

Apa chokupulumutsani ndi kuwerenga adiresi. Mafoni ambiri amaionetsa kaye musanaitsegule. Tiyerekeze kuti tsamba la kampani ndi `example.com`, ndipo mwasikana mapaketi awiri:

```
https://verify.example.com/A1234
https://example.com.verify-check.example.net/A1234
```

Pezani kamzere kopendekeka koyamba pambuyo pa `https://`, kenaka muwerenge chobwerera m'mbuyo. Pa adiresi yoyamba, mawu oyandikana ndi kamzereko ndi `example.com`, ndiye kuti ndi ya kampani. Pa yachiwiri ndi `example.net`, mwini wake ndi wina. Dzina la kampani angoliika kutsogolo ngati nyambo. Ena amasintha chilembo chimodzi chokha, monga kulemba `rn` m'malo mwa `m`, zomwe pa foni yaing'ono sizioneka msanga. Kaloko komwe kamaoneka pambali pa adiresi kasakupusitseni. Kamangotanthauza kuti uthenga wanu sukuwerengedwa panjira, ndipo masamba achinyengo nawonso amakhala nako.

Njira yodalirika ndiyo kusadalira paketi kuti idzichitire yokha umboni. Adiresi ya kampani kapena nambala yotumizirako uthenga muipeze kwina, monga ku bungwe la boma kapena kwa dokotala wa mankhwala, muilembe nokha pa foni, kenaka mulowetse nambala ya paketi. Yankho likabwera, liyerekezeni ndi zosindikizidwa pa bokosi ndi pa kapepala kokutira mapiritsi: dzina, mphamvu yake, nambala ya gulu ndi tsiku lothera ntchito. Bokosi likati 500 mg tsamba n'kuti 250 mg, musamwe. Mungayesenso kusintha nambala imodzi mwadala. Tsamba likavomerabe, ndiye kuti silikufufuza kanthu.

Tsamba lotsimikizira katundu lilibe chifukwa chofunsira nambala yachinsinsi ya Mpamba, Airtel Money kapena banki, ngakhale kukuuzani kuti muike pulogalamu yothera ndi `.apk`. Likatero, litsekeni. Ngati munalemba kale nambala yachinsinsi, isintheni nthawi yomweyo ndipo muimbire kampani ya foni kapena banki yanu. Paketiyo musataye: isungeni pamodzi ndi lisiti, mukaionetse ku bungwe loona za mankhwala la PMRA, kapena la MBS ngati ndi katundu wina.